Momwe mungafinyire nyimbo ya kwaya kukhala MP3 popanda kuiwononga

Ambiri amene amajambula makwaya, maulaliki ndi nyimbo za achinyamata kuno ku Chipata amagwa pa chinthu chimodzi. Nyimbo imamveka bwino pa lapitopu, koma ikafika pa foni ya munthu kapena ikaikidwa pa masipika a ukwati, chisekese chimamveka ngati chanyowa, kuomba m'manja kumamveka kopaka, ndipo mawu a amayi oimba mokweza amakhala ndi kaphokoso kowazungulira. Kawirikawiri vuto limabwera pa nthawi yochepetsa fayilo kuti isadye bando, osati pa maikolofoni.

MP3 imachepetsa fayilo potaya zimene khutu silikanamva, ndipo pochita zimenezi imasiya kaphokoso kamene imakabisa pansi pa mawu aakulu. Kaphokoso kameneka kamakhala kobisika pokhapokha ngati nyimbo yasiyidwa momwe inalili pofinyidwa. Malangizo onse ali m'munsimu akuchokera pamenepo.

Zimene mufunika

Lapitopu yokhala ndi Audacity, pulogalamu yaulere imene imatulutsa MP3 payokha. Nyimbo yanu yoyambirira ya mtundu wa WAV, yochokera pojambulira, imene sinafinyidwepo. Mahedifoni a waya, chifukwa a Bluetooth nawonso amafinya mawu akamawatumiza, ndiye angakusokonezeni. Chipinda cha phee, ndi mnzanu mmodzi wodzakuthandizani pa sitepe 6. Tchajani lapitopu magetsi asanapite.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: nyimbo ya kwaya ya ku Kapata, ya mphindi 4, yokhala ndi oimba, ng'oma, chisekese, kiibodi ndi kuomba m'manja. Yajambulidwa pa 44100 Hz, 16-bit, mbali ziwiri, kumanzere ndi kumanja. Fayilo yotere imanyamula 1411 kbps, ndiye kuti pafupifupi 10.6 MB pa mphindi, ndipo nyimbo yonse ndi 42 MB.

Sitepe 1: Imvani nokha momwe liwu limaphimbira linzake

Musadumphe sitepe iyi, chifukwa mukangomva ndi makutu anu, zotsatirazo simudzavutika nazo.

Tsegulani Audacity, pitani pa Generate kenako Tone. Sankhani Sine, pa Frequency lembani 1000, pa Amplitude lembani 0.5, kutalika masekondi 10. Onjezerani mzere wina watsopano ndipo mupangenso liwu lina, la 1100 Hz, koma Amplitude yake ikhale 0.005. Liwu lachiwirili ndi lofooka ndi 40 dB, muyeso wa mphamvu ya mawu, poyerekeza ndi loyamba lija.

Dinani Mute pa mzere woyamba ndi kumvetsera wachiwiri wokha. Kaliwu kaja mukamva, kakang'ono koma koonekeratu. Tsopano yatsani yonse iwiri. Nyimbo ikulira, zimitsani ndi kuyatsa mzere wachiwiri kangapo. Simumva kusintha kulikonse, kapena ngati mumva, n'kochepa zedi. Kaliwu kaja kalipo, hedifoni ikukatulutsa, koma khutu lakataya.

Fufutani kaliwu ka 1100 ndi kuika ka 3500 Hz, mphamvu yomweyo ya 0.005. Aka mukamva bwinobwino pamwamba pa liwu lalikulu lija. Mphamvu sinasinthe, changosintha ndi mtunda pakati pa mawu awiriwo.

Chifukwa chake chili mkati mwa khutu. Muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo malo aliwonse m'kachiwaloko amanjenjemera ndi liwu lakelake, lotsika kumapeto kwina, lokwera kumapeto kwina. Liwu lalikulu silinjenjemeretsa malo ake okha, limagwedezanso oyandikana nawo. Kaliwu kakang'ono kakafika pamalo amene agwedezeka kale, palibe chatsopano chimene ubongo umalandira. Akatswiri amagawa makutu athu m'magawo pafupifupi 24. Pansi pa 500 Hz gawo lililonse ndi lotambalala pafupifupi 100 Hz, ndipo pamwamba pake magawo amanka natambalala. Pa 1000 Hz gawolo ndi pafupifupi 160 Hz, n'chifukwa chake 1100 inagwera mumthunzi pomwe 3500 inali kutali. Ndi zomwe zimachitika ku chigayo: injini ikulira, munthu wokunong'onezani simumumva, koma mwana akaliza mluzu panja mumamumva.

Chenjezo: musakweze voliyumu kwambiri. Liwu limodzi losasintha limatopetsa makutu msanga. Yambani motsika, ndipo mukweze mpaka kaliwu kakang'ono kamveke kali kokha.

Pali zina ziwiri zimene muyenera kugwira. Choyamba, liwu limaphimba kwambiri mawu okwera kuposa ilo, ndipo otsika kuposa ilo limawaphimba pang'ono. Chachiwiri, kuphimba kumachitikanso pa nthawi. Ng'oma ikagunda, khutu limakhala ngati lagontha pang'ono kwa mamilisekondi 100 mpaka 200 pambuyo pake. Koma isanagunde, mpata wophimba ndi waung'ono kwambiri, mamilisekondi ochepa chabe. Kusiyana kumeneku ndi kumene kudzativutitse pa kuomba m'manja.

Sitepe 2: Malizani kukonza konse mukadali pa WAV

Tsegulani nyimbo yanu yoyambirira. Dulani zoyambirira ndi zomalizira, chotsani kung'ung'uza kwa magetsi, kwezani kapena tsitsani besi, sakanizani oimba ndi zoimbira. Chilichonse chimene mukufuna kusintha, chisintheni pano.

Kuti muone chifukwa chake, tiyeni tione chimene chofinyira, chimene chimapanga MP3, chimachita. Chimadula nyimbo m'tizidutswa ta timadontho ta mawu 1152, mwa 44100 timene timajambulidwa pa sekondi iliyonse, kutanthauza pafupifupi mamilisekondi 26 kachidutswa kalikonse. Theka lililonse la kachidutswako chimaligawa m'mizere 576, kuyambira mawu otsika mpaka okwera. Kenako chimawerengera, gawo ndi gawo, kuti ndi phokoso lalikulu bwanji limene lingabisale pansi pa mawu amene alipo pa kamphindiko.

Anthu ambiri amaganiza kuti MP3 imachotsa zoimbira zina zonse. Zimene imachita kwambiri ndi kulemba manambala mongoyerekeza. Pamene pafunika kulemba 7.38, iyo imalemba 7, ndipo kusiyana kwa 0.38 kumatuluka ngati kaphokoso. Biti imodzi, kamalo kolemberamo nambala, ikachotsedwa, kaphokosoko kamakwera ndi pafupifupi 6 dB. Ndiye pamene kwaya yonse yakweza mawu ndi kiibodi ikulira, chofinyira chimachotsa mabiti ambiri, podziwa kuti kaphokoso kabisala. Mizere imene ili yofooka kwambiri imalembedwa 0, ndipo imeneyo ndiyo yatayidwiratu.

Tsopano tangoganizani kuti mwafinya kale, kenako mwaganiza zotsitsa kiibodi ndi kukweza mawu okwera ndi 6 dB kuti chisekese chiwale. Mwachepetsa chophimba, ndipo mwakweza chimene chinabisidwa. Kaphokoso kamatulukira poyera, ndipo palibe batani lokabwezera.

Chenjezo: sungani WAV yomalizidwayo pa malo awiri, pa lapitopu ndi pa fulashi. Ndiyo mbewu yanu. MP3 iliyonse imene mudzafune mtsogolo idzachokere pa iyo.

Sitepe 3: Siyani mpata pamwamba

Sankhani nyimbo yonse, pitani pa Effect, pezani Normalize, ndipo pa Normalize peak amplitude to lembani -1.0 dB, kenako sunganinso WAV ija. Kaphokoso kamene chofinyira chimaonjezera kamakweza nsonga za mawu pang'ono. Nyimbo imene inagunda kale pa 0 dB idzapitirira malire ikatsegulidwa, ndipo ng'oma ikhoza kumveka yong'ambika.

Sitepe 4: Tulutsani mafayilo atatu, osati imodzi

Pitani pa File, Export Audio, sankhani MP3. Pa Bit Rate Mode sankhani Constant. Tulutsani katatu kuchokera pa WAV yomweyo: 128 kbps, 192 kbps ndi 320 kbps. Dzina la fayilo likhale ndi nambala yake kuti musadzasokoneze. Amene ali ndi ffmpeg akhoza kulemba:

```
ffmpeg -i kwaya.wav -c:a libmp3lame -b:a 192k kwaya192.mp3
```

Kukula kwa fayilo mungakudziwiretu. Chulukitsani bitireti, nambala ya kbps ija, ndi masekondi, gawani ndi 8000 kuti mupeze MB. Nyimbo yathu ndi masekondi 240, ndiye pa 128 ikhala 3.84 MB, pa 192 ikhala 5.76 MB, pa 320 ikhala 9.6 MB. Pa 128 kbps chofinyira chapatsidwa gawo limodzi mwa magawo 11 a malo amene WAV inali nawo.

Bitireti ndi thumba la mabiti limene chofinyira chimapatsidwa pa sekondi iliyonse. Thumba likakwanira, kaphokoso konse kamabisala pansi pa mawu aakulu. Likachepa, chofinyira chimadziwa kuti kaphokoso kamveka, koma chilibe chochita, chimangosankha pamene kangapweteke pang'ono. Ndiye funso loti bitireti yabwino ndi iti lilibe yankho limodzi, limadalira zimene zili m'nyimbo. Munthu mmodzi wolankhula safuna mabiti ambiri. Chisekese, m'manja ndi nthungululu za amayi zimadya mabiti kwambiri, chifukwa mawu ake afalikira m'mizere yonse ndipo amasintha mwachangu.

Ngati ndi ulaliki kapena msonkhano wojambulidwa ndi maikolofoni imodzi, sankhani Mono pa 64 kbps. Ola lathunthu likhala 28.8 MB, pomwe WAV ya mbali ziwiri ikanakhala pafupifupi 635 MB. Kutulutsa mbali ziwiri pa mawu a maikolofoni imodzi sikuonjezera chilichonse.

Sitepe 5: Onani ndi kumva chimene chasintha

Yambani ndi maso. Tsegulani WAV ndi MP3 ya 128 m'ntchito imodzi, mzere uliwonse pawokha. Pa kamndandanda ka pa dzina la mzere sankhani Spectrogram, ndipo mu Spectrogram Settings ikani Max Frequency pa 22050. Pa WAV, mitundu ikwera mpaka pamwamba nthawi iliyonse chisekese chikalira. Pa MP3 ya 128 muona denga lowongoka pafupi ndi 16000 kapena 17000 Hz, pamwamba pake pali mdima. Pa 192 dengalo lili pafupi ndi 19000, pa 320 pafupi ndi 20000.

Denga limeneli lisakuopseni. Khutu la mwana limafika pafupifupi 20000 Hz, koma akuluakulu ambiri samva zopitirira 16000, ndipo pamene khutu limamva kwambiri ndi pakati pa 2000 ndi 5000 Hz. Chofinyira chimadula pamwambapo dala kuti mabiti apite pamene akufunika. Chimene muyenera kuyang'ana ndi pansi pa dengalo, pakati pa 10000 ndi 16000. Mukaona timabowo takuda tooneka ndi kusowa, kamphindi kali, kamphindi palibe, ndi mizere ija imene ikulembedwa 0 kenako n'kubwereranso. Ndiyo imene imachititsa chisekese kumveka ngati madzi akuchucha.

Denga lomweli lingakuthandizeni pa nkhani ina. Wina akakupatsani fayilo yolembedwa WAV kapena 320 kbps, koma denga lake lili pa 16000, dziwani kuti nyimboyo inadutsapo kale pa bitireti yotsika.

Tsopano makutu. Bwererani pa Waveform. Kuzani chithunzi pamalo pamene ng'oma yagunda koyamba, mpaka muone timadontho, ndipo muonetsetse kuti mizere iwiriyo yalingana ndendende. MP3 nthawi zina imachedwa ndi timadontho pafupifupi 1105, ndiye ngati yatsalira, ikokeni mpaka nsonga zikumane. Kenako sankhani mzere wa MP3 wokha, pa Effect pezani Invert. Sankhani mizere yonse iwiri, pitani pa Tracks, Mix, Mix and Render. Zonse zofanana zifafanizana, ndipo chotsala ndicho kusiyana kwa mafayilo awiriwo.

Chenjezo: mukamva nyimbo yonse ikulira mokweza, mizere sinalingane. Kuphonya ndi kadontho kamodzi kokha kumaononga mayesowa. Bwererani ndi kulinganizanso.

Zikayenda bwino mumva mpweya wosokosera wotsatira nyimbo, ngati mzukwa wake. Kwaya ikakweza, mpweyawo umakwera. Woimba mmodzi akatsala yekha, umatsika. Pa "s" ndi "ts" aliyense umalavula. Anthu ambiri akamva zimenezi amadandaula kuti nyimbo yawo yabedwa zochuluka. Kumbukirani kaliwu ka 1100 kaja: kali kokha kanamveka, pamodzi ndi liwu lalikulu kanasowa. Kukwera ndi kutsika kwa mpweyawo pamodzi ndi nyimbo ndi umboni woti chofinyira chikugwira ntchito yake. Mayeso awa akukuonetsani pamene kaphokoso kachuluka, kuti mudziwe poti mukatchere khutu. Sakuuzani ngati kakumveka.

Sitepe 6: Yesani musakudziwa fayilo imene ikulira

Sankhani masekondi 10 ovuta kwambiri, osati nyimbo yonse. M'nyimbo yathu pali malo atatu oyenera kuyesa.

Oyamba ndi pamene kwaya yadukiza ndipo m'manja mwaombedwa pa chete. Apa ndi pamene MP3 imavutika koposa. Kaphokoso ka kachidutswa kamafalikira m'kachidutswa konseko, ndiye kuomba kukagwera kumapeto kwake, kaphokoso kamayamba kumveka manja asanakumane, pamene kulibe chokaphimba. Mmalo mwa "pha" wakuthwa mumva "fpha". Chofinyira chimayesa kupewa zimenezi posinthira ku tizidutswa tatifupi ta mizere 192 chikaona kugunda kukubwera, koma tizidutswa timeneti timadya mabiti ambiri, ndipo anthu makumi atatu akamaomba mosiyana pang'onopang'ono, thumba limatha msanga.

Achiwiri ndi pamene chisekese chikulira mosalekeza pamodzi ndi oimba. Mvetserani ngati chikumveka chouma ndi chanjerenjere, kapena chayamba kuyandama. Achitatu ndi kumapeto, pamene liwu lomaliza likuzimirira m'tchalitchi. Pa bitireti yotsika kuzimirirako kumaduka msanga kapena kumanjenjemera.

Tembenukirani kumbali, mnzanu aziliza WAV kapena MP3 momwe wafunira, akulemba papepala, voliyumu osaikhudza. Inu muzinena imene mwamva. Chitani maulendo 10. Mukalondola 9 kapena 10, kusiyana kulipodi, kwerani pa bitireti yotsatira. Mukalondola 5 kapena 6, mukungolota, ndipo fayiloyo yakwana. Yambani ndi 128.

Pa nyimbo ngati yathuyi, yodzaza m'manja ndi chisekese, munthu wa makutu abwino akhoza kuigwira 128 pa malo oyamba aja, koma pa 192 anthu ambiri sasiyanitsanso. Ine ndimalangiza 192 pa nyimbo za kwaya. Kusiyana kwake ndi 128 sikufika 2 MB, ndipo ntchito ya anthu amene akhala akuphunzira nyimbo miyezi yathunthu siyenera kuonongeka chifukwa cha 2 MB. Kukwera mpaka 320 potumiza pa foni kawirikawiri ndi kungodya bando ya olandira.

Chenjezo: voliyumu ikasiyana ngakhale pang'ono, yokwera imamveka ngati yabwino. Musakonzenso fayilo imodzi n'kusiya inzake.

Sitepe 7: Tumizani m'njira yosafinyanso

Pa WhatsApp, tumizani fayilo ngati Document, ndipo ifika momwe ilili. Musalize nyimbo pa sipika n'kuijambula ndi kabatani ka maikolofoni, chifukwa uthenga wa mawu umafinyidwa ndi chofinyira china chotchedwa Opus pa bitireti yoyenera kulankhula.

YouTube ndi Facebook amafinyanso chilichonse chimene alandira. Kumeneko perekani chabwino koposa chimene muli nacho: popanga vidiyo, mawu ake achokere pa WAV. Chimodzimodzi mukamapita ndi nyimbo ku wailesi, kaya Breeze FM kaya Radio Maria, nyamulani WAV pa fulashi, kapena ikalephereka 320. Mawailesi amadutsitsa mawu m'makina okweza zofooka kuti zonse zimveke mofanana, ndipo zofooka zimenezo ndi pamene kaphokoso kanabisala.

Zolakwa zimene zimabwerezedwa

Kufinya chofinyidwa kale ndiye cholakwa chachikulu. Wojambula atumiza MP3 kwa aphunzitsi a kwaya, iwo apatsa mnyamata woti adule poyambira, iye atulutsanso MP3, wina aiika m'vidiyo, vidiyo ikwera pa Facebook, ndipo wina aitsitsa kumeneko n'kuiika pa memore khadi. Chofinyira chachiwiri sichidziwa kuti m'nyimbomo muli kale kaphokoso. Chimakatenga ngati mbali ya nyimbo, n'kuonjezera kake pamwamba, poganiza kuti mpata wobisalamo udakali wonse. Timaphokoso tofanana tikaunjikana kawiri, timakwera ndi 3 dB, ndipo kanayi ndi 6 dB. Malo obisala anali okwanira ulendo umodzi. Ngati aphunzitsi apempha kuti padulidwe, bwererani pa WAV, dulani, tulutsani MP3 yatsopano.

Kusandutsa 128 kukhala 320 kapena WAV poganiza kuti ikhala bwino. Fayilo imakula, koma mizere imene inalembedwa 0 imakhalabe 0. Kuisandutsa WAV kuli ndi ntchito imodzi yokha: ngati MP3 ndiyo yokha imene muli nayo ndipo muyenera kuikonza, WAV imaletsa kuonongeka kwina pamene mukugwira ntchito.

Kuchotsa mawu a woimba pa MP3 kuti mupeze zoimbira zokha. Njira yakale yochotsera imafafaniza zimene zili pakati, zofanana kumanzere ndi kumanja. Koma woimba wapakatiyo ndiye anali chophimba chachikulu, ndipo pa bitireti yotsika chofinyira chimapereka mabiti ambiri ku zapakati n'kumana zam'mbali. Chotsala chimakhala cholira ngati chili pansi pa madzi. Pemphani wojambula akupatseni zoimbira zokha kuchokera pa ntchito yake.

Kujambula ndi foni imene yaikidwa pa mtundu wofinya. Mapulogalamu ambiri ojambulira a pa foni amasunga M4A kapena AMR, ndiye kufinya koyamba kwachitika musanafike n'komwe pa lapitopu. Yang'anani mu Settings musanayambe, ndipo ngati WAV ilipo, isankheni. Ola limodzi la mbali imodzi lidya pafupifupi 318 MB, choncho chotsaniko mavidiyo akale m'foni musanapite kokajambula.

Kuweruza pa kasipika ka foni muli pamsika. Phokoso la magalimoto ndi njinga zamoto nalonso limaphimba, ndipo fayilo iliyonse imamveka yabwino pamenepo. Zolakwa zidzatulukira pa masipika aakulu a tchalitchi, pamene woyendetsa makina wakweza mawu okwera pa mikisa. Ngati nyimbo ikalizidwa pamalo otere, iyeseni pa makina omwewo tsiku lisanafike, ndipo mupite ndi WAV pa fulashi kuti ngati MP3 yavuta mulize imeneyo.